Kusunga laivu ya ukwati: kujambula, kutsitsa, ndi zomwe sizingabwerenso

Mlongo wanga anakwatiwa ku Zingwangwa mu Ogasiti chaka chatha, ndipo ntchito yoika mwambowo pa laivu anaipereka kwa ine, poti ndine amene ndimadziwika pamtundu pathu kuti ndimatha za mafoni. Azakhali athu ali ku Joni, achimwene ena ali ku Mzuzu, ndiye onsewo amadalira ine. Ndinaimika foni pa kamtengo kake pafupi ndi guwa, ndinadina batani, anthu nkuyamba kulemba moni pansi pa vidiyo. Mawa lake amalume anandiitana. "Mphwanga, tipatseni kavidiyo kaja tikaike pa fulashi, agogo anu akaonere kumudzi."

Ndinatsitsa vidiyoyo bwinobwino. Titaitsegula, abusa ali pakati pa ulaliki, chithunzi chinangoima, kenaka nkudumpha: akwati atavalana kale mphete, amayi akuimba nthungululu. Malumbiro onse munalibe. Netiweki inaduka kanthawi m'tchalitchimo, ine osadziwa, ndili kalikiliki kulongosola mipando panja. Palibe pulogalamu ina iliyonse imene ikanabweza mphindi zimenezo, chifukwa sizinachoke n'komwe m'foni muja kupita kulikonse, ndipo foniyo sinkasunga kalikonse.

Muyambe mwamvetsa kusiyana kwa zinthu ziwirizi, zotsala zonse zikhala zophweka.

Kujambula ndi kulemba chithunzi ndi mawu m'fayilo pa nthawi imene zinthuzo zikuchitika. Mwambo ukatenga maola 3, kujambula kutenganso maola 3, ndipo simungakuyambe mwambo utatha. Kutsitsa, komwe ambiri timangoti kudawuniloda, ndi kukopera fayilo imene ilipo kale pa makompyuta a Facebook kapena YouTube, amene timawatcha maseva. Kungatenge mphindi zochepa ngati intaneti ili bwino, koma kumadalira zinthu ziwiri zomwe sizili m'manja mwanu: kuti chithunzicho chinafikadi ku sevako, ndiponso kuti sevayo inachisunga.

Laivu siyenda ngati fayilo imodzi. Foni kapena laputopu yanu imatumiza chithunzi mosalekeza, seva nkumachiduladula m'tizidutswa ta masekondi ochepa, ndipo foni ya woonera imatenga kachidutswa, kuonetsa, kutaya, nkutenga kena. N'chifukwa chake munthu amene anaonera mwambo wonse kuyambira poyamba mpaka pamapeto, bandulo yake nkutheratu, alibe kalikonse m'foni mwake. Musavutike kufufuza m'mafoda ake, mulibe.

Ngati ndinu amene mukuulutsa

Njira imene ndimaidalira tsopano ndi laputopu ndi pulogalamu yaulere yotchedwa OBS Studio. Ubwino wake ndi wakuti ili ndi mabatani awiri osiyana, Start Streaming ndi Start Recording, ndipo ntchito ziwirizi sizidalirana. Netiweki ikagwa, kuulutsa kumaima, koma kujambula kumapitirira chifukwa kumalemba m'laputopu momwemo.

Choyamba, chitani zoti musadzadalire kukumbukira kwanu pa tsikulo, chifukwa pa ukwati aliyense amakutumani. Tsegulani Settings, pitani pa General, ndipo pa gawo la Output chongani Automatically record when streaming. Pansi pake pali Keep recording when stream stops, chonganinso pamenepo. Kachiwirika n'kofunika zedi: laivu ikafa yokha mkati mwa mwambo, kujambula kusafe nayo limodzi.

Chachiwiri ndi mtundu wa fayilo. Pa Settings pomwepo pitani pa Output, pa Recording Format sankhani mkv. Anthu ambiri amathamangira mp4 poti ndi imene amaidziwa, koma kuno kwathu kumene magetsi amatha kuthima osatsanzika, mp4 wamba ndi msampha. Fayilo ya mp4 imalemba kalozera wake pamapeto penipeni, mukadina batani loimitsa. Laputopu ikazima mwadzidzidzi kalozerayo asanalembedwe, mutsala ndi fayilo yaikulu ndithu, ya magigabaiti angapo, koma yokana kutseguka. Ya mkv imatseguka mpaka pamene inadukira. Mwambo ukatha mutha kuisandutsa mp4 kuti iseweredwe pa TV ya agogo: pa File sankhani Remux Recordings. Izi sizichepetsa kuwala kwa chithunzi ndipo sizichedwa, zili ngati kukhuthula ufa m'thumba lina kuthira lina.

Chachitatu, werengerani malo ndi bandulo musanachoke pakhomo. Masamu ake ndi ochepa. Tinene kuti mukuulutsa pa 2500 kbps, umene ndi mlingo wokwanira chithunzi cha 720p pa mwambo wa anthu okhala pansi. Chulukitsani ndi masekondi 3600 a mu ola limodzi, gawani ndi 8, mupeza makilobaiti 1,125,000, omwe ndi pafupifupi 1.1 GB pa ola. Mukaphatikiza mawu ifika cha m'ma 1.2 GB. Ukwati wa maola 2 kutchalitchi ndi maola 3 kumadyerero ndi maola 5, ndiye bandulo ya 6 GB ithera pomwepo. Gulani yoposerapo, poti laputopu imakonda kudya ina mwakachetechete ikamadzikonza yokha.

Fayilo yojambulayo siidya bandulo, imadya malo. Pa Recording Quality mukasankha Same as stream, ikhala yofanana ndi imene mukutumiza, 6 GB yomweyo, ndipo laputopu siivutika chifukwa ikugwira ntchito imodzi. Mukasankha High Quality, Medium File Size mupeza chithunzi chowala kuposa chimene anthu akuona pa laivu, koma laputopu yakale imatha kulemedwa nkuyamba kudodoma. Ine pa laputopu yanga yokalamba ndimasiya pa Same as stream. Ndi bwino kukhala ndi chithunzi chapakatikati chathunthu kusiyana ndi chokongola chodukaduka.

Pano pali kamsampha kena kamene kanagwira mnzanga wina wa ku Ndirande amene amajambula maukwati. Mafulashi ambiri ang'onoang'ono ndi mamemore khadi amabwera ali mu FAT32, ndipo FAT32 siilandira fayilo imodzi yoposa 4 GB. Fulashi ikhoza kukhala ya 32 GB yopanda kanthu, koma fayilo ya 6 GB ikana kulowa. Jambulirani m'laputopu mwenimweni, ndipo fulashi yoperekera muifomate kukhala exFAT musanaikemo kanthu. Kumbukirani kuti kufomata kumafufuta zonse zimene zinalimo. Ma TV ena akale sawerenga exFAT; zikatero, gawani vidiyoyo pawiri, yakutchalitchi payokha, yakumadyerero payokha.

Chachinayi, yeserani pa malo enieniwo, osati kunyumba. Netiweki ya pakhonde panu ku Chilomoni siikuuzani kanthu za mkati mwa holo ya malata yodzaza anthu 300, aliyense ali ndi foni m'manja. Yezani liwiro lotumizira, osati lolandirira, ndipo mlingo woulutsira usapitirire theka la chimene mwapeza. Mukapeza 4 Mbps, ulutsani pa 2000 kbps. Ngati muli ndi simu ya TNM ndi ya Airtel, yesani zonse ziwiri, yachiwiriyo ikhale yodikirira. Jambulani mphindi imodzi, imitsani, tsegulani fayiloyo, mverani ndi makutu anu kuti mawu alimo. Vidiyo ya ukwati yopanda mawu ndi yowawa kuposa yopanda chithunzi.

Mwambo uli mkati, yang'anani pansi pa OBS pamene palembedwa Dropped Frames. Nambala imeneyo ikamakwera, zidutswa za chithunzi zikutayika panjira, ndipo sizidzapezeka m'vidiyo imene mudzatsitse pambuyo pake. M'fayilo yanu ya mkv zilimo zonse.

Mulibe laputopu? Bwerekani foni yachiwiri. Imodzi iulutse, inayo ijambule ndi kamera yake wamba, itaikidwa pa Airplane mode kuti wina asaimbe nkudula kujambulako. Kamera ya foni imadya malo kwambiri kuposa laivu, ndiye jambulani mphindi imodzi, onani kukula kwa fayilo, chulukitsani ndi mphindi za mwambo wonse. Ikapanda kukwana, tsitsani kamera pa 720p. Muziimitsa ndi kuyambanso pakatha gawo lililonse la mwambo, monga kwaya ikamaimba, kuti batire ikakutherani muluze kagawo kamodzi kokha, poti mafoni amalemba mp4 yomwe ija. Pawabanki ikhale yolumikiza kuyambira poyamba, ndipo foni isakhale padzuwa. Dzuwa la mu Okutobala likaitentha imadziimitsa yokha.

Ngati ndinu woonera chabe

Azakhali aku Joni aja akanafuna, akanatha kujambula sikirini yawo. Mafoni a Android kuyambira Android 11 ali ndi chojambulira sikirini chawochawo pa mabatani otsika kuchokera pamwamba, ndipo ambiri a Tecno, itel ndi Samsung anali nacho kale. Pa iPhone chinabwera ndi iOS 11 mu 2017. Musanayambe, sankhani kuti mawu achokere mkati mwa foni, pamene palembedwa Device audio kapena Media sounds malinga ndi foni yanu. Mukasiya pa mayiki, mujambula tambala wa aneba ndi ana akulira. Yatsaninso Do Not Disturb, apo ayi mauthenga onse a pa WhatsApp adzaoneka pamwamba pa nkhope ya mkwatibwi, ena oti sakuyenera kuwerengedwa ndi apongozi.

Koma dziwani chimene mukupeza. Kujambula sikirini kumasunga zimene maso anu aona, ndi zilema zake zonse. Kagudumu kaja kakazungulira masekondi 40, kadzazunguliranso m'fayilo mpaka kalekale. Netiweki yanu ikafooka chithunzi nkusanduka chimbuuzi, chimbuuzicho ndi chimene mwasunga. Ndipo kukanakhala kuti azakhali anajambula, malumbiro a mlongo wanga sakanawapezabe, chifukwa vuto linali kwa ine wotumiza. Woonera sangasunge chimene sichinamufike.

Pali malo awiri pamene kujambula sikirini kumakanikiratu. Mapulogalamu olipira oonetsa mpira ndi mafilimu amatseka chithunzi chawo mwadala, ndiye fayilo imatuluka yakuda bii, nthawi zina mawu okha. Foni yanu sinaonongeke, anakonza choncho. Kwina ndi pa kuimbirana kwa vidiyo pa WhatsApp: pa mafoni ambiri chithunzi chimajambulika koma mawu a winayo salowa, chifukwa foni siilola mawu a kuimbirana kutengedwa ndi chojambulira. Komanso kuimbirana koteroko sikusungidwa pa seva iliyonse, ndiye palibe chodzatsitsa. Mabanja ambiri amaonetsa maliro kwa abale akutali mwa njira imeneyi, nkumadzafunsa pambuyo pake kuti vidiyo ija ili kuti. Kulibe, ndipo sinakhalepo.

Amene muli ndi kompyuta ndipo simuopa kulemba malamulo a kompyuta, pali chida chotchedwa yt-dlp, chimene chimafuna pulogalamu ina yotchedwa ffmpeg pambali pake. Ichi sichijambula sikirini, chimatola tizidutswa tija momwe tikubwerera kuchokera ku seva nkutilumikiza, ndiye mulibe mauthenga odutsa pamwamba kapena kutsika kwa chithunzi chifukwa cha sikirini yaing'ono. Mukachipatsa linki ya laivu imene ili mkati, chimayambira pamene mwalowera:

```
yt-dlp "LINKI"
```

Pa YouTube mungachiuze kuti chibwerere poyambira, ngakhale mwachedwa ndi ola lathunthu:

```
yt-dlp --live-from-start "LINKI"
```

Izi zimatheka pokhapokha seva ikusungabe zidutswa zakumbuyozo, ndipo eni chidachi amanena okha kuti njirayi ikadali yoyesera, ndiye nthawi zina imalephera. Ngati laivu sinayambe ndipo mukufuna kupita kumsika ku Limbe, chiuzeni chidikire, chiziyang'ana pa masekondi 60 aliwonse:

```
yt-dlp --wait-for-video 60 "LINKI"
```

Mukafuna kuimitsa kujambula kwa laivu, dinani Ctrl+C kamodzi kokha nkudikira kuti chitseke fayilo bwinobwino. Mukatseka windo lonse mwaphuma, mutsala ndi fayilo yothera ndi `.part`. Musaitaye msanga, kawirikawiri pulogalamu yoonetsa mavidiyo ya VLC imaitsegula. Chidachi chikayamba kukana malinki amene kale chinkawalandira, nthawi zambiri n'chifukwa chakalamba, chikonzeni ndi `yt-dlp -U`.

Mawu amodzi apa. Kutha kusunga si chilolezo. Ulaliki wa mpingo wina, konsati ya woimba, kapena mpira, zili ndi eni ake, ndipo lamulo la dziko lino loteteza ntchito za aluso, la mu 2016, limawateteza; malamulo a YouTube nawonso salola kutsitsa za ena popanda batani lawo kapena chilolezo cha mwini. Pa mwambo wa pabanja, makamaka maliro, pemphani kwa eni mbumba. Nthawi zambiri mukapempha amakupatsani fayilo yabwino kuposa imene mukanadzitengera.

Laivu yatha: tsitsani lero, osati mwezi wamawa

Kale tinkaona ngati vidiyo ikakhala pa Facebook ndiye yasungika. Zinasintha. Kuyambira pa 19 Febuluwale 2025, laivu yatsopano imakhala masiku 30 okha, kenaka imachotsedwa yokha. Ganizirani mmene zimakhalira ukwati ukatha: kubweza mipando, kulipira ngongole, kuperekeza alendo kudepoti ya ku Wenela. Masiku 30 amatha musanapume.

Ndiye mwini peji kapena akaunti imene inaulutsa achite izi tsiku lotsatira. Atsegule vidiyoyo, makamaka pa kompyuta, adine timadontho titatu, asankhe Download video. Akhale pa intaneti yokhazikika ndi bandulo yokwanira, chifukwa kutsitsa kumadya molingana ndi kukula kwa fayilo. Ngati netiweki inaduka nthawi yaitali mkati mwa mwambo ndipo munayambitsanso laivu, pali mavidiyo awiri kapena atatu osiyana, tsitsani onse. Kusheya si kusunga: abale 50 akhoza kuisheya pa masamba awo, koma onsewo akuloza vidiyo imodzi yomweyo, ndipo ikachoka, onse atsala ndi bokosi lopanda kanthu. Chimodzimodzi linki imene munaisunga pa WhatsApp, ili ngati keyala ya nyumba, nyumbayo ikagwetsedwa keyalayo siikuthandizani.

YouTube ndi yoleza mtima pa nkhani ya masiku. Laivu yosafika maola 12 imasungidwa yokha ikatha ndipo ilibe tsiku lochotsedwera. Yopitirira maola 12 ikhoza kusasungidwa n'komwe, ngakhale kachidutswa. A mipingo amene mumaulutsa mapemphero a usiku wonse nkupitiriza ndi mapemphero a m'mawa, dulani pakati, yambitsani laivu ina. Potsitsa yanu, lowani mu YouTube Studio, pa Content, pa Live, timadontho titatu pafupi ndi vidiyoyo, Download. Imabwera mp4 ya 720p kapena 360p, ngakhale munaulutsa yowala kuposa pamenepo. Musathamangire kutsitsa laivu itangotha kumene, seva imafuna nthawi yoilongosola, ndipo yaitali ikhoza kutenga maola angapo. Mukafulumira mutha kupeza batani lisanayake kapena gawo lomaliza lokha. Ngati mukuganiza zosamukira ku YouTube chifukwa cha ukwati wa Loweruka, tsegulani mwayi woulutsa masiku angapo zisanachitike, poti koyamba amatha kukudikiritsani maola 24. Mukaika vidiyo pa Unlisted, aone okhawo amene ali ndi linki.

Batani la Download limene mumaliona pa YouTube ya m'foni pa mavidiyo a anthu ena ndi nkhani ina. Limasunga vidiyo mkati mwa pulogalamuyo kuti muonere popanda intaneti, koma si fayilo yoti mungaike pa fulashi, ndipo mwini wake akaichotsa, yanuyonso imachoka foni ikangolumikizana ndi intaneti.

Mukatsitsa, musakhulupirire kukula kwa fayilo. Yerekezani kutalika kwake ndi nthawi imene mwambo unatenga. Ife tikanaona msanga: mwambo wakutchalitchi unatenga maola 2, vidiyo inali ola limodzi ndi mphindi 42. Mphindi 18 zosowazo ndiye malumbiro aja. Kenaka dumphani poyamba, pakati ndi pamapeto, mukumvetsera mawu, makamaka pa perekaniperekani.

Ndatchula perekaniperekani dala. Pamenepo DJ amaika nyimbo za oimba odziwika, ndipo Facebook ndi YouTube zili ndi makina ozindikira nyimbo za eni ake. Zikazindikira, zimatha kuzimitsa mawu pa gawo limenelo, kutchinga vidiyo, kapena kudula laivu imene. Choipa chake n'chakuti mawu akazimitsidwa, sazima a nyimbo okha. Mawu a wolengeza akuitana akuchimuna, nthungululu, zonse zimapita limodzi, anthu nkumangooneka akuvina ndi kuponya ndalama m'lichero mwakachetechete. Fayilo yojambulidwa m'laputopu mwanu siikhudzidwa ndi zimenezi.

Ndemanga za oonera nazo sizibwera ndi fayilo ya mp4. Mauthenga aja a "tili nanu limodzi kuno ku Joni" ndi mbali ya mwambo, ndipo akwati amafuna kudzawawerenga. Ajambuleni ndi sikirinishoti vidiyo ikadalipo. Pa YouTube, yt-dlp imatha kusunga macheza a pa laivu m'fayilo yapadera:

```
yt-dlp --skip-download --write-subs --sub-langs live_chat "LINKI"
```

Zikakhala kuti zatayika kale

Njira zotsala n'zochepa, ndipo zambiri ndi zofunsa anthu, osati makina. Yambani ndi amene anaulutsa: kodi anagwiritsa laputopu kapena kamera? Akhoza kukhala ndi fayilo osadziwa, mu foda ya Videos, kapena pa memore khadi ya kamera ngati sanaifomate pokonzekera ukwati wina. Thamangani, ojambula amafufuta makhadi Lachisanu lililonse. Kenaka lengezani pa gulu la banja kuti aliyense amene anajambula kanthu ndi foni yake atumize. Ife malumbiro aja tinawapeza motero, kwa mtsikana wina wa kwaya amene anajambula mphindi 6 ali pambali, chithunzi chopendekeka, mutu wa mkulu wa mpingo ukutchinga theka, koma mawu akumveka onse.

Ngati muli ndi fayilo ya mp4 imene inaduka chifukwa batire inatha, musaifufute. Pali kachida kotchedwa untrunc kamene kamayesa kumanganso kalozera uja poonera fayilo ina yabwino yojambulidwa ndi foni kapena kamera yomweyo pa makonzedwe omwewo. Nthawi zina kamatha, nthawi zina ayi. Yeserani pa kope, yeniyeniyo muisiye momwe ilili.

Vidiyo imene mwini wake anaifufuta pa YouTube siibwerera. Masamba a pa intaneti amene amalonjeza kubweza laivu yochotsedwa alibe poitenga. Amene angakufunseni pasiwedi ya Facebook akufuna akaunti yanu, ndipo mawa abale anu ayamba kulandira mauthenga opempha ndalama m'dzina lanu. Anyamata okonza mafoni amatha kubweza fayilo imene inafufutidwa pa memore khadi, ngati simunalembepo zina pamwamba, koma sangatulutse m'foni vidiyo imene foniyo inangoionetsa.

Fayilo ikakhala m'manja, ikopereni malo awiri osiyana tsiku lomwelo, monga laputopu ndi fulashi yosungidwa kunyumba ina. Akaunti ya Google imapereka 15 GB yaulere, yokwana ukwati umodzi ngati simunaidzaze ndi zithunzi. Potumizira abale pa WhatsApp, musaitumize ngati vidiyo wamba, imafinyidwa mpaka nkhope kusazindikirika. Dinani kapanipani kaja, sankhani Document, imene imalandira fayilo mpaka 2 GB osaisintha. Ya maola 5 siikwana, ndiye idulenidule ndi ffmpeg popanda kuononga chithunzi. Lamulo ili litenga ola loyamba:

```
ffmpeg -ss 00:00:00 -i ukwati.mp4 -t 01:00:00 -c copy gawo1.mp4
```

Pa gawo lachiwiri sinthani `-ss` ikhale `01:00:00` ndi dzina likhale `gawo2.mp4`, nkumapita choncho. Podulapo pakhoza kusuntha ndi masekondi angapo, chifukwa ffmpeg ikamakopera chabe imadula pa chithunzi chathunthu chapafupi. Auzeni azakhali kuti gawo lililonse liwadyera bandulo yoposa 1 GB, adikire akafike pa Wi-Fi.